Kabuku ka masamu ka Loweruka: mutu wa mafankishoni ndi njira yobwerera

Loweruka, 1 Juni

Mutu wachinayi ndauyamba lero. Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira zolembazi, ndikulemba kabuku ka masamu m'chinenero chathu ka ana a Giledi 11 ndi 12, ndipo tsamba lililonse ndimayamba ndaliyesa pa gulu la ana 14 amene ndimakumana nawo Loweruka m'mawa kuno ku Kapata, mu Chipata. Tsamba likawasokoneza ndimakalilembanso. Mutu uno ndi wa kulumikiza mafankishoni ndi kupeza invesi.

Mawu akuti fankishoni ndi invesi ndawasiya momwemo chifukwa ndi amene ana akakumane nawo pa mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia. Chimene ndasintha ndi chitsanzo. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti fankishoni ili ngati chigayo, uthira chimanga, kutuluka ufa. Poyambira chitsanzocho chimathandiza, koma ukafika pa invesi chimakugwetsa m'dzenje, chifukwa mwana aliyense amadziwa kuti ufa subwerera kukhala chimanga. Invesi sikubweza ufa ayi. Funso lake ndi lakuti, ukaona chimene chatuluka, kodi ungadziwe mosakayika chimene chinalowa? Mutu wonse ndikufuna uyende pa funso limeneli.

Choncho ndatenga nkhani ya kusintha ndalama pa boda ya Mwami, popeza ambiri mwa anawa ali ndi abale ku Mchinji. Munthu wanyamuka ku Chipata ndi ndalama x. Walipira K20 ya galimoto, kenako zotsalazo wazisintha kukhala makwacha a ku Malawi. Mtengo wosinthira ndaika 60 pa kwacha imodzi. Nambalayi ndi ya m'kalasi chabe, ndaisankha kuti iziwerengeka mosavuta, musapite nayo ku Mwami.

f(x) = x − 20
g(x) = 60x

Wanyamuka ndi K500. Kulipira galimoto kwamusiyira 480, ndipo 480 kuchulukitsa ndi 60 ndi 28 800. Zimenezi timalemba gf(500) = 28 800. Apa ndi pamene theka la gulu linapunthwa, ndipo ndinkayembekezera. Powerenga timayambira kumanzere, ndiye mwana akaona gf amayamba ndi g. Koma imene imagwira x poyamba ndi imene yayandikana naye, yomwe ndi f. Anthu asanu ndi mmodzi anapeza 29 980: anasintha K500 yonse kukhala 30 000, kenako n'kuchotsa 20. Sindinawauze kuti alakwa. Ndinangofunsa kuti 20 imene achotsayo ndi ya dziko liti. Panapita kanthawi, kenako mnyamata wina wa ku Mchini anaseka nati, "Aphunzitsi, ndiye kuti dalaivala tamulipira za ku Malawi, watikomera mtima." Zoonadi. fg(x) = 60x − 20, pamene gf(x) = 60(x − 20) = 60x − 1200. Kusiyana kwake ndi 1 180 nthawi zonse, kaya munthu wanyamula zingati.

Awiri ena anachulukitsa g(x) ndi f(x), napeza 14 400 000. Cholakwa ichi chimadziulula chokha, munthu sangachoke ndi K500 n'kukafika ndi mamiliyoni. M'kabuku ndaikamo kabokosi konena kuti gf sikutanthauza kuchulukitsa, ikutanthauza kuti chotuluka mu f chikalowe mu g.

Loweruka, 8 Juni

Lero tinatembenuza nkhani. Msuweni wako wafika ku Mchinji ndi makwacha a kumeneko 40 800. Ananyamuka ndi zingati?

Ndisanalembe chilichonse pa bolodi, ana anayi anali atayankha kale K700. Anagawa 40 800 ndi 60 napeza 680, kenako anabwezerapo 20. Zimandisangalatsa kuti funso likakhala la ndalama dongosolo amalitsata bwino osauzidwa, koma funso lomwelo likalembedwa ndi zilembo, omwewo amalitembenuza. Nditalemba (gf)⁻¹, ambiri analemba g⁻¹f⁻¹, ngati kuti −1 uja ungomugawira aliyense pamalo pake. Ndinati tiyese ndi nambala yathu. Ukayamba ndi f⁻¹, uphatikiza 20 ku 40 800, upeza 40 820, ugawa ndi 60, upeza 680.33. Tsopano mutumize munthuyo ulendo ndi K680.33: alipira 20, asintha zotsala, afika ndi pafupifupi 39 620. Sizimene anafika nazo msuweni uja.

Dongosolo loona ndi ili:

(gf)⁻¹ = f⁻¹g⁻¹
(gf)⁻¹(x) = x/60 + 20

Chitsanzo chimene chinagwira ndi cha msewu wa ku Lusaka. Ukachoka ku Chipata kupita ku Nyimba, udutsa Katete, Sinda, kenako Petauke. Pobwerera suyamba ndi Katete. Malo amene unadutsa pomaliza ndi amene uyamba kuwaona. Chimene chinachitika pomaliza kwa ndalama zija ndi kusintha, ndiye n'chimene timayamba kumasula.

Vuto lina ndi la chizindikiro chenichenicho. Ana aphunzira kale kuti 2⁻¹ ndi theka, ndiye akaona f⁻¹(x) amalemba 1/f(x). Sindiwaimba mlandu. Kalembedwe ka f(x) n'kochokera kwa Euler m'chaka cha 1734, ndipo kaja koika −1 pamwamba anakafalitsa John Herschel kuyambira 1813. Akatswiri anakazolowera, koma kwa mwana wongoyamba ndi msampha weniweni. Mankhwala ake ndi nambala basi: f⁻¹(480) ndi 500, ndalama zimene munthu anali nazo asanakwere galimoto, pamene 1/f(480) ndi 1/460, chinthu chopanda tanthauzo lililonse pa ulendowu.

Ndawonjezeranso kachitsanzo kamene makolo awo akukakumbukira. Pa 1 Januwale 2013 ndalama zathu zinachotsedwa maziro atatu, K50 000 yakale inakhala K50. Imeneyo ndi fankishoni ya x/1000, ndipo invesi yake ndi 1000x. Palibe mitengo iwiri yakale imene inakumana pa mtengo umodzi watsopano, bola usadule manambala a kumapeto. Mawu akuti "bola usadule" ndidzabwererakonso.

Lachitatu, 12 Juni

Magetsi kunalibe madzulo awiri, ndiye masamba 3 mpaka 6 ndalemba pamanja, ndidzataipa kumapeto kwa sabata. Ndaganiza kuti funso lililonse la invesi m'kabukumu lizitha ndi mzere woyesera yankho: tenga nambala, ilowetse mu fankishoni, chotulukacho chilowetse mu invesi, uone ngati wabwerera pamene unayambira. Pa pepala loyamba la mayeso salola kakyuleta, ndiye ndikusankha manambala oti mwana aziyesera ndi mutu.

Loweruka, 15 Juni

Funso la mtundu umene umakonda kubwera pa mayeso:

h(x) = (2x + 3)/(x − 4), x ≠ 4

Pano njira ya "masula chomaliza poyamba" siigwira mosavuta, chifukwa x akupezeka pawiri, pamwamba ndi pansi. Ndiye timalemba y = (2x + 3)/(x − 4) ndi kuyamba kumusaka x. Chulukitsa mbali zonse ndi x − 4, upeza xy − 4y = 2x + 3. Sonkhanitsa zonse zokhala ndi x mbali imodzi: xy − 2x = 4y + 3. Pamzere uwu ndi pamene ana amaima, akuyang'ana x awiri osadziwa kuti atenge uti. Umutulutsa x kunja kwa mabulaketi, x(y − 2) = 4y + 3, kenako ugawa.

h⁻¹(x) = (4x + 3)/(x − 2), x ≠ 2

Kuyesera: h(5) = 13/1 = 13, ndipo h⁻¹(13) = 55/11 = 5. Tabwerera.

Mtsikana wina amene salankhula kawirikawiri anafunsa kuti 2 wachokera kuti, popeza m'funso munali 4. Funso labwino kuposa onse a lero, ndipo tinathera pamenepo mphindi 20 zimene sindinazikonzere. Yankho la msanga ndi lakuti sitigawa ndi ziro. Koma chifukwa chenicheni chili mu h mwini wake. Ndinawauza kuti apeze x woti h(x) ikhale 2. Anachulukitsa napeza 2x + 3 = 2x − 8, zimene zikutanthauza kuti 3 = −8. Palibe x wotero. Tinayesa manambala akuluakulu: h(104) = 2.11, h(1004) = 2.011. Imayandikira 2 ngati mlendo wamanyazi pa mbale ya nsima, koma siifikapo. Ndiye ukafunsa invesi kuti ndani analowa kuti patuluke 2, ilibe choyankha, chifukwa 2 sanatulukepo. Nambala imene h imakana kulandira, 4, ndi imene invesi siitulutsa, ndipo imene h siitulutsa, 2, ndi imene invesi imakana kulandira. Domeni, manambala amene fankishoni imalandira, ndi renji, manambala amene imatulutsa, zimangosinthana malo.

Uku ndi kulephera kwa mtundu woyamba, ndipo n'kosavuta kukonza. Umangonena momveka kuti invesi imalandira zokhazo zimene fankishoni imatulutsa. Funso la mtsikanayu ndaliika m'kabuku monga momwe analifunsira.

Loweruka, 22 Juni

Kulephera kwa mtundu wachiwiri. Sindinafune kuyamba ndi x² monga amachitira mabuku, chifukwa ana amaloweza kuti "pali kuphatikiza ndi kuchotsa" osaona chimene chavuta. Ndinatenga dimba. Malume anga ali ndi waya wa mamita 40 ndipo akufuna kutchinga malo a ngodya zinayi kuti mbuzi zisalowe mu repu ndi tomato. Mbali yotsata mtsinje tiitche x. Mbali ziwiri zoyandikana zikaphatikizidwa zikwana 20, ndiye inayo ndi 20 − x, ndipo kukula kwa dimba ndi:

A(x) = x(20 − x)

Tinadzaza tebulo. x akakhala 2, A ndi 36. Pa 4 ndi 64, pa 5 ndi 75, pa 8 ndi 96, pa 10 ndi 100. Kenako manambala anayamba kutsika, kubwereza omwe aja: pa 12 ndi 96, pa 15 ndi 75, pa 16 ndi 64. Ndinafunsa kuti malume akandiuza kuti dimba lawo ndi la masikweya mita 75, mbali ya kumtsinje ndi yaitali bwanji? Ena anati 5, ena 15, ndipo onse amanena zoona. Fankishoni iyenera kupereka yankho limodzi pa nambala iliyonse, ndiye chinthu chopereka 5 ndi 15 nthawi imodzi si fankishoni. A ilibe invesi.

Mnyamata wa ku Mchini uja sanakhutire. "Aphunzitsi, 5 kwa 15 ndi 15 kwa 5 ndi dimba lomwelo, mwangolitembenuza."

Ndinamufunsa ngati anatungirapo madzi a kudimba ndi kheni mwezi wa Okutobala. Dimba limene lagona mamita 15 m'mphepete mwa mtsinje, mzere wakutali kwambiri uli mamita 5 kuchokera ku madzi. Linalo mzere wakutali uli mamita 15. Wothirira amadziwa kuti ndi madimba awiri. Komabe mawu akewo ali ndi nzeru, ndipo ndi amene anatitsegulira njira. Ngati sitisamala za mtsinje, tingagwirizane kuti x ndi mbali yaifupi, ndiye kuti x sapitirira 10. Tikatero tadula theka la tebulo, ndipo nambala iliyonse yatsala ndi mwini mmodzi. Fomula sinasinthe, chasintha ndi domeni, ndipo invesi yapezeka.

Kuti tiipeze tinalemba A mwa njira ina, A = 100 − (x − 10)². Ndinawapempha atsegule mabulaketi kuti aone okha kuti ndi chinthu chomwecho, asangondikhulupirira. Kuchokera pamenepo (x − 10)² = 100 − A, ndiye x = 10 ± √(100 − A). Chizindikiro cha ± ndicho chenjezo. Ukamasaka x n'kukumana nacho, dziwa kuti manambala awiri akumana pa yankho limodzi. Ife tasankha mbali yaifupi, ndiye titenga chochotsa:

A⁻¹(x) = 10 − √(100 − x)

Pa 75 ikupereka 10 − 5 = 5. Pa 96 ikupereka 10 − 2 = 8. Wina anayesa 120 dala, ndipo pansi pa sikweya ruti panatsala −20. Waya wa mamita 40 sungatchinge malo oposa masikweya mita 100, ndiye kulephera kwa mtundu woyamba kuja kwabweranso muno.

Pa girafu zimaoneka msanga. Tinajambula A, inatuluka ngati chulu, nsonga yake pa x = 10. Goneka rula mopingasa n'kumaikweza pang'onopang'ono. Ikakhudza mzere pawiri paliponse, invesi palibe. Chulu chonse rula imachidula pawiri kupatula pansonga, koma theka la chulu imalikhudza kamodzi. Ndinkafuna tipindenso pepala pa mzere wa y = x kuti aone kuti girafu ya invesi ndi chithunzi cha inzake, koma nthawi inatha. Komanso pa dimbali sizikanaoneka bwino, chifukwa kupindako kumafuna kuti sikelo ikhale imodzi mbali zonse, pamene pano x athera pa 20 ndipo A afika 100. Ndidzagwiritsa ntchito y = 2x + 1 pa zimenezo.

Loweruka, 29 Juni

Lero kabuku kandichititsa manyazi, ndipo ndi bwino kuti zachitika kasanasindikizidwe.

Funso 7 ndinalilemba usiku, ndikufuna kukometsa nkhani ya ku Mwami. M'malo mwa K20 ya galimoto ndinaika chindapusa chotapira ndalama pa foni, chokwera ndi kuchuluka kwa ndalama. Manambala ndi anga opeka: K5 ngati ndalama sizipitirira K300, K10 ngati zapitirira. Funso linali lakuti munthu walandira m'manja K293 chindapusa chitachotsedwa, kodi anatumiziridwa zingati? Kumapeto kwa kabuku ndinalemba yankho K298.

Mtsikana wosalankhula uja anabwera ndi kope lake nati, "Pepani aphunzitsi, ine ndapeza K303, kaya ndalakwitsa pati."

Sanalakwitse paliponse. K303 yapitirira K300, chindapusa ndi K10, zotsala K293. K298 nayo siipitirira, chindapusa K5, zotsala K293. Ine amene ndatha sabata yathunthu ndikuuza ana kuti aziyang'ana ngati manambala awiri akumana, ndinalemba funso lotero osaona. Chinandipusitsa n'chakuti chidutswa chilichonse pachokha n'chabwinobwino. x − 5 ili ndi invesi, x − 10 nayonso ili nayo. Vuto lili pamsoko. Pa K300 munthu amalandira K295, koma ukangowonjezera kwacha imodzi amalandira K291, ndiye girafu imadumphira pansi n'kuyambanso kukwera, kudutsanso m'manambala amene inadutsamo kale. Tinawerengera limodzi: ndalama iliyonse yolandira yopitirira K290 mpaka K295 ili ndi eni awiri, wina pakati pa K295 ndi K300, wina pakati pa K300 ndi K305. Kunja kwa kampata kameneko zonse zili bwino. Ndikanasankha K250 kapena K400 palibe akanadziwa, ngakhale ine.

Tinapitiriza nayo nkhaniyo mpaka pa boda. Anthu awiriwo, wa K298 ndi wa K303, asintha K293 yawo pa 60, aliyense apeza 17 580. Kuchulukitsa ndi 60 kuli ndi invesi yabwino, koma kungakubwezere pa K293 basi. Kupitirira apo njira yagawika ndipo palibe chikwangwani. Fankishoni yoyamba ikaphatikiza anthu awiri, palibe fankishoni yobwera pambuyo imene ingawalekanitse, chifukwa imene ikubwerayo imangoona nambala imodzi.

Pa chisangalalo chimenecho ndinalemba pa tsamba 11 kuti, "Ngati imodzi mwa mafankishoni awiri ilibe invesi, yolumikizayo ilibenso invesi."

Lachiwiri, 2 Julayi

Tchuthi cha masiku awiri chandithandiza. Ndinapita ndi masamba kwa mayi wina amene anandiphunzitsa masamu kalekale, tsopano anapuma pa ntchito ndipo amakhala ku Kalongwezi. Anawerenga mwakachetechete mpaka pa tsamba 11, kenako anaika chala pa chiganizo chija.

"Mwanawe, ichi wachiyesa?"

"Ndachiyesa ndi funso 7, amayi."

"Pamenepo yopanda invesi inali yoyamba. Nanga ikakhala yachiwiri?"

Anatenga pensulo nalemba p(x) = x + 3, x osatsika pansi pa ziro, ndi q(x) = x², yolandira nambala iliyonse. q payokha ilibe invesi, popeza 4 ndi −4 onse amapereka 16. Koma mu qp, chimene chimalowa mu q ndi chotuluka mu p, ndipo p imatulutsa 3 kupita m'mwamba basi. −4 sadzafika pakhomo pa q. Ndiye qp(x) = (x + 3)² ili ndi invesi, √x − 3, ya manambala oyambira pa 9. Anayesa: qp(1) = 16, ndipo √16 − 3 = 1.

Chiganizo changa chinali choona theka. Ndachilembanso motere. Yoyamba ikaphatikiza manambala awiri, zathera pomwepo. Yachiwiri ikakhala yophatikiza, yang'ana kaye ngati manambala amene imaphatikizawo amafikadi kwa iyo. Ndipo zonse zikakhala ndi invesi, yolumikizayo ili nayo, ndi f⁻¹g⁻¹ uja. Izi n'zopitirira pang'ono zimene mayeso amafunsa, ndipo ndinaganiza zongochotsa ndime yonse. Ndaisiya, koma m'kabokosi ka amene akufuna kupitirira, chifukwa ndi nkhani yomweyo ya dimba: p ikugwira ntchito yodula domeni m'malo mwathu.

Amayiwo anandidzudzulanso pa mzere woyesera uja wa pa 12 Juni. Anati kuyesa ndi nambala imodzi kumagwira zolakwa za kuwerengera, koma sikutsimikiza kuti invesi ilipo. Funso 7 ndi umboni: K400 ikanapita n'kubwerera bwinobwino. Ananenanso kuti ndiziwauza ana kuyesa mbali zonse ziwiri, ndipo chitsanzo chake anachitenga pa matumba a chimanga amene anali pakhonde pawo.

Thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Tiyeni b(x) ikhale chiwerengero cha matumba odzaza ochokera mu makilogalamu x. Wokolola 637 ali ndi matumba 12, wokolola 600 nayenso 12, wa 649 chimodzimodzi. Mwana aliyense anganene kuti invesi ndi kuchulukitsa ndi 50. Ukayamba ndi matumba zimaoneka zoona: 12 ipereka 600, ndipo 600 ibwerera pa 12. Yamba ndi makilogalamu tsopano: 637 ipereka 12, ndipo 12 ikubwezera 600. Makilogalamu 37 asowa panjira. Sikweya ndi sikweya ruti zimachitanso chimodzimodzi. Tenga ruti ya 9, upeza 3, sikweya yake ndi 9. Koma yamba ndi −3, sikweya yake ndi 9, ruti yake ndi 3, chizindikiro chatayika.

Matumbawa akusiyana ndi dimba pa chinthu chimodzi chimene ndikufuna chimveke m'kabuku. Pa dimba tinadula domeni pakati n'kutsala ndi chinthu chothandiza. Pa matumba, kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini mmodzi, tiyenera kulola okhawo okolola 550, 600, 650 ndendende, ndipo munda sutulutsa choncho. Njira yokha ndi kusataya zotsala: ulembe matumba 12 ndi makilogalamu 37 apadera, monga amachitira mlimi aliyense wosamala. Ukalemba manambala onse awiri, 12 × 50 + 37 ikubwezera 637. Kudula manambala a kumapeto kulikonse kuli m'gulu lomweli, kaya ndi wogulitsa amene amataya mangwee chifukwa alibe chenji, kaya ndi wosintha ndalama amene amangopereka za mapepala.

Loweruka, 6 Julayi

Ndayesa masamba okonzedwawo. Ndinapereka mafankishoni asanu osanena kuti ina ilibe invesi, ndi lamulo loti asanayambe kusaka x ayambe afufuza ngati pali manambala awiri opereka yankho limodzi. Mwa ana 13 amene anabwera, 11 anagwira ya x² − 6x, ambiri poona kuti 0 ndi 6 onse amapereka ziro. Ya matumba anaigwira onse. Imene inawapusitsa ndi k(x) = 12/x. Anapeza invesi bwinobwino, 12/x yomweyo, kenako asanu anafufuta poganiza kuti alakwitsa chifukwa yankho lafanana ndi funso. Sanalakwitse: k(3) = 4 ndipo k(4) = 3, fankishoniyi ndi invesi ya iyo yokha. M'kabuku mulibe chitsanzo chotero, ndiye ndiwonjezera ichi pamodzi ndi 10 − x.

Kutembenuza gf kudakalipo. Anayi amayambabe ndi g funso likakhala la zilembo zokhazokha. Ndiyesa kuwalembetsa g(f(x)) ndi mabulaketi onse kwa masabata awiri ndisanawalole kufupikitsa.

Funso 7 sindinalichotse. Ndangosintha mawu ake: tsopano likufunsa ndalama zonse zimene zikanatumizidwa, ndi chifukwa chake wolandirayo sangadziwe. Kumapeto kwa kabuku kwalembedwa K298 ndi K303. Zotsala pa mutuwu ndi tsamba la kupinda pepala pa y = x, kutaipa masamba 9 mpaka 13, ndi kujambulanso girafu ya chindapusa, chifukwa imene ndinajambula pamanja siionetsa bwino kuti kadontho ka pa K300 kali pa mzere wa K5, osati wa K10.